Fulashi imodzi yoikira Windows ndi Linux: kugwiritsa ntchito Ventoy pang'onopang'ono

Aliyense amene amakonza makompyuta muno mu Harare, kaya ali ndi tebulo m'shopu ya m'tauni kaya amangothandiza abale ku Mbare, Highfield ndi Mufakose, amalidziwa vuto loyenda ndi mafulashi anayi kapena asanu m'chikwama. Ina ya Windows 10, ina ya Windows 11, ina ya Linux, ndipo imene mukuifuna lero ndi imene yatsala kunyumba. Mapulogalamu monga Rufus amalemba fayilo imodzi ya ISO, ija yokhala ndi zonse zoikira Windows kapena Linux, pa fulashi imodzi, moti mukafuna ina mumayamba mwafufuta yoyambayo. Ventoy, pulogalamu yaulere imene inatuluka mu 2020, imachita mosiyana. Mumaiika pa fulashi kamodzi kokha, kenako mafayilo a ISO mumangowakopera monga mukoperera zithunzi. Kompyuta ikayaka kuchokera pa fulashiyo imakuonetsani mndandanda wa mafayilowo, inu n'kusankha.

Kuika Ventoy sikutenga ngakhale mphindi zisanu. Pamene anthu amataya tsiku lonse ndi pa zinthu zitatu: fulashi yabodza, fayilo ya ISO yosakwanira, ndi kuyatsa kompyuta m'njira yolakwika. Nthawi yambiri tithera pa zitatuzi. Chitsanzo chimene titsatire ndi fulashi ya 32 GB yokhala ndi Windows 11, Windows 10, Linux Mint, SystemRescue yopulumutsira mafayilo m'kompyuta yokana kuyaka, ndi Memtest86+ yoyezera memole.

Yambani ndi kuyeza fulashi

Ventoy imagawa fulashi pawiri. Gawo loyamba ndi lalikulu, dzina lake Ventoy, ndipo ndi momwe mumaikamo mafayilo anu. Limafomatidwa ngati exFAT, choncho fayilo yoposa 4 GB imalowa bwinobwino, pamene FAT32 ikanaikana. Gawo lachiwiri ndi laling'ono, la 32 MB, dzina lake VTOYEFI, ndipo muli zonse zimene zimayatsa kompyuta. Kagawo aka kamakhala kumapeto kwenikweni kwa fulashi.

Apa ndi pamene fulashi yabodza imakupwetekani. Pali mafulashi otsika mtengo amene amauza kompyuta kuti ndi a 64 GB pamene mkati muli malo a 8 GB basi. Mukakopera zinthu zochepa zonse zimaoneka bwino. Mukadutsa malire ake enieni, dzina la fayilo ndi kukula kwake zimaonekabe pa sikirini, koma mkati mulibe kanthu kapena yalemba pamwamba pa zina. Popeza VTOYEFI imalembedwa kumapeto, pa malo amene kwenikweni kulibe, Ventoy imalephera kulowa, kapena imalowa koma fulashi n'kukana kuyatsa kompyuta.

Choncho musanachite china chilichonse, chotsani zonse za pa fulashiyo n'kuiyeza. Pa Windows gwiritsani ntchito H2testw: sankhani fulashi pa Select target, siyani pa all available space, dinani Write + Verify. Imadzaza fulashi yonse kenako n'kuwerenga zimene yalemba. Ikamaliza ndi mawu akuti Test finished without errors, fulashi ndi yeniyeni. Ikatchula za DATA LOST, ibwezeni kumene munagula, ndipo n'chifukwa chake ndi bwino kupempha lisiti ngakhale pa kanthu kakang'ono. Pa Linux ntchito yomweyi imachitidwa ndi f3write ndi f3read. Zimatenga nthawi ndithu: fulashi yolemba 10 MB pa sekondi imafuna pafupifupi ola limodzi kuti 32 GB idzaze, kuwerenga n'kwapadera. Chitani izi pa laputopu yokhala ndi batire labwino, kuti magetsi akathima musayambirenso.

Fulashi ya 32 GB imaoneka ngati ya pafupifupi 29 GB pa Windows. Limeneli si bodza, ndi kusiyana kwa kawerengedwe chabe. Ngati thumba likulola, gulani ya USB 3.0, chifukwa kusiyana kwake kumamveka kwambiri poika Windows.

Kutsitsa mafayilo

Tsitsani Ventoy pa ventoy.net, pomwe pamakutumizani ku mafayilo ake enieni. Wa Windows atenge fayilo yothera ndi windows.zip, wa Linux atenge yothera ndi linux.tar.gz.

Mafayilo a ISO atengeni kwa eni ake. Windows 11 ili pa tsamba la Microsoft, ndipo kukula kwake kumayambira pa 5 GB kupita m'mwamba malinga ndi mtundu wake. Windows 10 ndi pafupifupi 6 GB, Linux Mint pafupifupi 3 GB, SystemRescue pafupifupi 1 GB, Memtest86+ ndi ma MB ochepa chabe. Zonse pamodzi sizifika 20 GB, choncho pa fulashi yathu patsala malo a madiraiva. Dziwani kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Ine ndimaisungabe chifukwa cha makompyuta akale amene eni ake amadalira pulogalamu inayake, koma laputopu yakale yongogwiritsa ntchito pa intaneti ndi kulembera, Linux Mint imaiyenera bwino.

Ndi mtengo wa data, ambirife ISO timaitenga kwa mnzathu amene anatsitsa kale. Palibe cholakwika pamenepo, bola muiyeze monga ndifotokozere m'munsimu. Fayilo imene yadutsa m'manja ambiri mwina ndi yoduka, mwina wina anaisintha n'kuikamo zake, ndipo ndi inu amene mukaiike m'kompyuta ya munthu.

Kuika Ventoy pa fulashi

Zulani mafulashi ena onse ndi mahadi disiki akunja, patsale fulashi imodzi yokhayo. Masulani fayilo ya zip ija, lowani m'foda yake, tsegulani Ventoy2Disk.exe. Pa Device muona dzina la fulashi ndi kukula kwake. Werengani kawiri, chifukwa chilichonse chimene chili pa chipangizo chosankhidwacho chifufutika.

Pa Option pali zinthu ziwiri zoti muone. Secure Boot Support ikhale yochongedwa. Pa Partition Style, posankhira kagawidwe ka fulashi pakati pa MBR ndi GPT, siyani MBR. Ambiri amaganiza kuti makompyuta atsopano amafuna fulashi ya GPT, koma fulashi ya Ventoy ya MBR imayatsa makompyuta akale a BIOS ndi atsopano a UEFI omwe, ndipo makina ena akale amakana fulashi ya GPT. Kusankha kumeneku kukukhudza fulashi yokha. Hadi disiki ya kompyuta imene mukaikemo Windows ili ndi nkhani yakeyake, imene tiipeze kutsogoloku. Musakhudze Show All Devices, chifukwa imaonetsa ngakhale hadi disiki ya m'kati mwa kompyuta yanu.

Dinani Install. Ikuchenjezani kawiri kuti zonse zifufutika, vomerani kawiri konseko. Ikamaliza, pa Ventoy In Device paoneka nambala yofanana ndi ya pa Ventoy In Package. Ikalephera, tsekani mawindo onse amene atsegula fulashiyo, isinthireni pa poti ina, yesaninso. Chifukwa cha kulepherako chimalembedwa mu log.txt m'foda yomweyo.

Pa Linux masulani fayilo ya tar.gz ija, lowani m'foda yake, dziwani kaye dzina la fulashi, kenako ikani:

```
lsblk
sudo sh Ventoy2Disk.sh -i /dev/sdX
```

M'malo mwa sdX lembani dzina lenileni limene lsblk yaonetsa, monga sdb, popanda nambala kumapeto. Zindikirani fulashi ndi kukula kwake. Mukalakwitsa chilembo chimodzi apa mufufuta hadi disiki yanu.

Nthawi zina Windows imaona kagawo ka VTOYEFI n'kukufunsani ngati mukufuna kukafomata. Kanani nthawi zonse.

Kukopera ndi kuyeza zimene mwakopera

Tsegulani gawo la Ventoy n'kukoperamo mafayilo a ISO momwe alili. Musawamasule, ngakhale kompyuta ikamawaonetsa ngati zinthu zotsegulika. Koma ISO imene yabwera m'kati mwa zip, monga imabwerera Memtest86+, itulutseni kaye, chifukwa Ventoy siona za m'kati mwa zip. Mungapange mafoda, wina wa Windows, wina wa Linux, wina wa zida zokonzera, ndipo Ventoy imafufuza monsemo. Maina akhale osavuta, opanda mipata ndi zizindikiro zachilendo.

Kufufuza paliponseku kumachedwetsa mndandanda ngati pa fulashi pali foda ya madiraiva yokhala ndi timafayilo tambirimbiri. Ikani m'foda imeneyo fayilo yopanda kanthu ya dzina lakuti .ventoyignore, ndipo Ventoy iidumpha foda yonseyo.

Tsopano chinthu chimene ambiri amachidumpha. Kamzere ka pa sikirini kakafika kumapeto, sindiye kuti zonse zalembedwa pa fulashi. Kompyuta imasunga zina m'memole n'kumazilemba pang'onopang'ono, makamaka pa Linux, pomwe kulemba kumatha kupitirira mphindi zingapo zenera litatseka kale. Mukazula pamenepo mutsala ndi ISO yooneka yathunthu koma yoola mkati. Pa Windows dinani Eject n'kudikira uthenga. Pa Linux lembani sync n'kudikira mpaka ibweze mzere wolembapo.

Kenako lowetsaninso fulashi n'kuyeza fayilo imene ili pa fulashipo, osati imene ili m'kompyuta. Pa Windows, mu PowerShell:

```
Get-FileHash E:\Windows\Win11.iso -Algorithm SHA256
```

Pa Linux, muli m'foda ya pa fulashi momwe muli fayiloyo:

```
sha256sum Win11.iso
```

Sinthani chilembo cha fulashi ndi dzina la fayilo kuti zigwirizane ndi zanu. Mupeza mzere wa zilembo ndi manambala 64. Ufanizeni ndi umene eni ake anaika: Microsoft imauika pa tsamba lotsitsirapo Windows 11, pansi pa Verify your download, pa chilankhulo chilichonse mzere wake, Linux Mint imauika mu sha256sum.txt. Fayilo ikasiyana ngakhale pang'ono chabe, mzere wonse umasintha, moti kusiyanako kumaonekeratu. Zikasiyana, yezani fayilo ya m'kompyuta. Ngati ya m'kompyuta ili bwino, vuto ndi kukopera kapena fulashi. Ngati nayonso yasiyana, inaduka potsitsa kapena si mtundu umene mukufanizira. Kuyeza mafayilo asanu pa tebulo panu n'kosavuta kuposa kukazindikira vutoli ku Dzivarasekwa mutafufuta kale hadi disiki ya munthu.

Kuyatsa kompyuta kuchokera pa fulashi

Zimitsani kompyuta, lowetsani fulashi, yatsani, nthawi yomweyo dinani mobwerezabwereza batani lotsegula mndandanda wa zoyatsira. Pa HP ndi F9, pa Dell F12, pa Lenovo ndi Acer kawirikawiri F12, pa malaputopu a Asus ndi Esc. Pa ma Acer ena muyenera kuyamba mwalowa ndi F2 n'kutsegula F12 Boot Menu.

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa laputopu yatsopanoko yoti muikemo Windows 11. Mwasankha fulashi, ndipo m'malo mwa Ventoy pabwera sikirini yabuluu yolembedwa Verification failed: (0x1A) Security Violation. Fulashi sinawonongeke. Ndi Secure Boot imene ikukana pulogalamu imene siidziwa, ndipo muyenera kuiuza kuti iikhulupirire. Dinani Enter pa OK, dinani batani lililonse kuti mulowe, sankhani Enroll key from disk, kenako VTOYEFI, kenako fayilo ya ENROLL_THIS_KEY_IN_MOKMANAGER.cer, kenako Continue, Yes, ndi Reboot. Izi mumachita kamodzi pa kompyuta iliyonse.

Makina ena amakanabe, ndipo pamenepo njira ndi kuzimitsa Secure Boot m'makonzedwe a kompyuta. Musanatero, funsani mwini wake ngati hadi disiki ili yokhomedwa ndi BitLocker. Malaputopu ambiri atsopano amabwera atakhomedwa mwini wake osadziwa. Mukasintha Secure Boot, Windows imene ilimo ingathe kupempha kiyi ya manambala 48 isanayake, ndipo popanda kiyiyo mafayilo simuwapeza, ngakhale ndi SystemRescue. Kiyiyo kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini laputopu. Aipeze ndi kuilemba papepala inu musanakhudze kanthu. Mukamaliza ntchito, bwezerani Secure Boot momwe inalili.

Mndandanda wa Ventoy ukaoneka, yang'anani pansi kumanzere. Pali nambala ya Ventoy, ndipo pambali pake palembedwa UEFI kapena BIOS. Kamawu aka n'kofunika kuposa china chilichonse pa sikiriniyo.

Fulashi imodzi, njira ziwiri

Pa makompyuta amene amalola njira yakale ndi yatsopano yomwe, fulashi yanu imaoneka kawiri pa mndandanda wa zoyatsira: kamodzi ndi mawu akuti UEFI patsogolo pa dzina lake, kamodzi popanda. Njira imene mwasankha apa ndi imene Windows iikidwire. Windows yoyatsidwa m'njira ya UEFI imafuna hadi disiki ya GPT, yoyatsidwa m'njira ya BIOS imafuna ya MBR.

Tengani laputopu ya m'zaka za m'ma 2013, ya mayi a kutchalitchi amene akufuna Windows 10 yatsopano koma zithunzi zawo zili pa gawo lachiwiri la hadi disiki, lija limaoneka ngati D. Mwasankha dzina la UEFI, mwafika posankha poikira, ndipo Windows ikuti The selected disk has an MBR partition table. Pa intaneti mupeza malangizo ambiri oti mutsegule diskpart n'kulemba clean kenako convert gpt. Amagwiradi ntchito, koma clean imachotsa magawo onse a hadi disiki, ndi D yemwe. Zithunzi za ukwati ndi za maliro kwawo ku Dedza zipita m'kanthawi kochepa. Chofunika apa n'chaching'ono: tulukani, yatsaninso, sankhani dzina la fulashi lopanda UEFI, onetsetsani kuti pansi palembedwa BIOS, ndipo Windows ilowa pa gawo lake lakale osakhudza D. Uthenga ukakhala wakuti The selected disk is of the GPT partition style, ndiye kuti mwalowera njira ya BIOS pa hadi disiki ya GPT, bwererani mukasankhe UEFI.

Ngakhale zili choncho, koperani kaye zithunzizo pa hadi disiki ina musanayambe. Ndi ntchito ya SystemRescue kapena Linux Mint imene ili pa fulashi yomweyo: Mint imayaka osaiika m'kompyuta, n'kukulolani kutsegula hadi disiki ndi kukopera ndi mausi. Windows 11 njira yake yovomerezeka ndi UEFI, choncho kwa iyo sankhani UEFI nthawi zonse. Ngati hadi disiki ndi ya MBR, sungani mafayilo kwina, kenako isintheni kukhala GPT mwadala, mwini wake atavomera.

Pa zenera losankha poikira, fulashi yanu nayonso ingaoneke ngati Drive 1 kapena nambala ina, ndi gawo la pafupifupi 29 GB ndi lina la 32 MB. Musadine Delete pa magawo amenewo. N'chimodzimodzi poika Linux Mint: zindikirani hadi disiki ndi kukula kwake musanavomere kufufuta.

ISO ikakana kuyaka

Mukasankha fayilo pa mndandanda, Ventoy imaonetsa kamndandanda kena. Yambani ndi Boot in normal mode. Sikirini ikangoda osapitirira, yatsaninso n'kuyesa Boot in wimboot mode ngati ndi Windows, kapena Boot in grub2 mode ngati ndi Linux. Pomwepo palinso File checksum, yoyezera fayilo muli pa kompyuta ya kasitomala.

Windows ikanena kuti A media driver your computer needs is missing, nthawi zambiri si diraiva ayi. Mwina ISO ndi yoduka, mwina Windows yataya fulashi panjira. Isinthireni pa poti ina, makamaka ya USB 2.0 ngati kompyuta ndi yakale, yambaninso, ndipo yezani fayiloyo. Ndi zosiyana ndi pamene zenera losankha poikira latseguka koma mulibe hadi disiki ngakhale imodzi. Izi zimachitika pa malaputopu ambiri a Intel kuyambira m'badwo wa 11, ndipo apa pakufunikadi diraiva ya Intel RST. Itsitseni pa tsamba la kampani imene inapanga laputopuyo, imasuleni, ikani m'foda ya madiraiva pa fulashi, ndipo muilozere podina Load driver.

Ngati ISO yayezedwa ndipo ili bwino, fulashi ili bwino, koma kuika kukuduka pa malo osiyanasiyana nthawi iliyonse, kayikirani memole ya kompyutayo. Yatsani Memtest86+ n'kuisiya izungulire mpaka Pass ifike pa 1. Mizere yofiira ikaoneka, memole ndi yowonongeka, ndipo kuikanso Windows kakhumi sikungathandize mpaka muisinthe.

Kuisamalira

Windows kapena Mint yatsopano ikatuluka, fufutani ISO yakale n'kukopera yatsopano, kenako iyezeni. Ikakana kuyaka pamene zina zonse zikuyaka, kawirikawiri ndi Ventoy ya pa fulashi imene yakalamba. Tsitsani yatsopano, tsegulani Ventoy2Disk.exe, dinani Update. Batani ili limasintha kagawo ka VTOYEFI ndi zoyatsira zokha, mafayilo anu osawakhudza, pamene Install imene ili pambali pake imafufuta zonse. Pa Linux ndi lamulo lomwe lija, koma -u m'malo mwa -i.

Fulashi imeneyi imalowa m'makompyuta ambiri odwala, ndipo gawo lake lalikulu limalembeka ngati la fulashi ina iliyonse. Ilowetseni kompyuta ya kasitomala ili yozima, ndipo muizule Windows yakeyo isanayake. Sungani mafayilo a ISO amene munawayeza pa hadi disiki ya kunyumba pamodzi ndi kafayilo kolembamo mizere yawo ya SHA256, kuti fulashi ikatayika mu kombi kapena ikafa, mugule ina, muiyeze ndi H2testw, n'kukoperanso popanda kugula data.